Onse agwedeza mutu koma palibe wamva: kukonza masilaidi a zachuma kuti osapita patali ndi sukulu awatsatire

Vutoli limadziwika ndi bata. Mwamaliza kuonetsa masilaidi anu a zachuma, mwafunsa kuti "Pali funso?", ndipo holo yonse ili zii. Ena akugwedeza mutu, ena akuyang'ana pansi. Mumachoka mukuganiza kuti zayenda bwino. Patatha sabata imodzi mumamva kuti anthu omwewo asankha ngongole yodula kusiya yotchipa, kapena akukangana ndi msungichuma kuti phindu lomwe munanena lija lapita kuti. Zikatero ambiri timathamangira kusintha mawu: timachotsa liwu lovuta n'kuikapo losavuta. Nthawi zina zimathandiza, koma nthawi zambiri vuto limabweranso pamsonkhano wotsatira, chifukwa gwero lake silinali m'mawu mokha.

Ndifotokoza nkhaniyi potsatira ntchito imodzi yomwe ndinagwirapo. Gulu la anthu osoka zovala linkafuna kutenga ngongole ya 100,000 yogulira makina, yobweza m'miyezi 10. Mtundu wa ndalama sindiutchula, masamu ake ndi omwewo kulikonse. Obwereketsa anali awiri. Woyamba ankati chiwongoladzanja chake ndi 3 peresenti pamwezi, chowerengera pa ndalama yonse yomwe munatenga poyamba, chomwe ambiri amachitcha cha fulati. Wachiwiri ankati 4 peresenti pamwezi, koma chowerengera pa ngongole yotsala. Msungichuma wa gululo, munthu wodziwa bwino ntchito yake, anakonza masilaidi 22 okhala ndi matebulo ndi magilafu. Mamembala ambiri analekeza sukulu ku pulaimale, ndipo angapo sankatha kuwerenga. Atavota, anasankha wa 3 peresenti. Chifukwa chake chinali chomveka: 3 ndi wochepa kuposa 4.

Yambani mwapeza pomwe anthu anasochera

Musanasinthe silaidi ngakhale imodzi, funsani anthu awiri kapena atatu omwe analipo, aliyense payekha, kuti akuuzeni zomwe anamva. Funso loti "Munamva?" n'lopanda ntchito, chifukwa munthu wamkulu savomera pagulu kuti sanamve, makamaka ngati wofunsayo akuoneka wophunzira. Ine ndinafunsa mayi wina wachikulire kuti, "Amayi, mwamuna wanu atakufunsani kuti gulu libweza zingati zonse pamodzi, mungamuyankhe kuti chiyani?" Anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Ndiye 103,000, mwanangu. Si anati 3?"

Yankho limenelo linandiuza zinthu ziwiri. Mayiyu ankadziwa kuti 3 peresenti ya 100,000 ndi 3,000, choncho vuto silinali kusadziwa masamu. Chomwe chinamudutsa ndi mawu oti "pamwezi", omwe pasilaidi analembedwa mwachidule, ndi zilembo zing'onozing'ono pamutu pa tebulo. Bambo wina yemwe ndinamufunsa pambuyo pake ankadziwa kuti ndi pamwezi, koma kusiyana kwa obwereketsa awiriwo sanakuone n'komwe. Akanakhala kuti sitinafunse, tikanataya nthawi kufotokoza tanthauzo la peresenti kwa anthu omwe ankalidziwa kale.

Izi sizichitikira osaphunzira okha. Mu 2004 akatswiri a zachuma awiri, Annamaria Lusardi ndi Olivia Mitchell, anakonza mafunso atatu oyesera kumvetsa kwa anthu pa nkhani za ndalama ku United States, ndipo limodzi linali longofunsa ngati 100 yosungidwa zaka zisanu pa chiwongoladzanja cha 2 peresenti pachaka ingapose 102. Mafunsowa afunsidwa m'mayiko ambiri kuchokera nthawi imeneyo, ndipo kulikonse amapezeka anthu ochuluka olephera ena mwa iwo, kuphatikizapo omwe anapita patali ndi sukulu. Kulumikiza peresenti ndi nthawi ndi pomwe anthu amapunthwa.

Silaidi ikuyankha funso lomwe palibe wafunsa

Masilaidi 22 aja anakonzedwa motsatira mmene wowerengera ndalama amaganizira: mbiri ya gulu, katundu ndi ngongole, zolowa ndi zotuluka, kenaka pa silaidi ya nambala 17 ndi pomwe panali nkhani ya ngongole. Pofika pamenepo anthu anali atatopa kale. Membala wamba anabwera ndi mafunso atatu okha: tilandira zingati m'manja, tizibweza zingati mwezi uliwonse, ndipo pomaliza tikhala titabweza zingati. Tinalemba mafunso atatuwo papepala, ndipo silaidi iliyonse yosathandiza kuwayankha tinaichotsa. Anatsala 7. Ochotsedwawo sitinawataye, tinawasindikiza n'kuwasiya patebulo kuti aliyense wofuna kuona tsatanetsatane aone, pakuti kubisa manambala kumabala kukayikirana.

Mutu wa silaidi nawonso uzinena yankho. Pomwe panalembedwa kuti "Kuyerekeza kwa chiwongoladzanja" tinalembapo kuti "Wachiwiri atisiyira 8,000 m'thumba". Amene satha kuwerenga zambiri angowerenga mzere umenewo, kapena mnzake amuwerengera, ndipo atola mfundo yonse.

Mabokosi khumi ndi lendi yake

Apa ndi pomwe panali ntchito yeniyeni. Tinkafuna chitsanzo cha tsiku ndi tsiku chomwe chingaonetse chifukwa chake 4 akhoza kutchipa kuposa 3. Chomwe chinagwira ntchito ndi lendi. Pafupifupi aliyense anabwerekapo chinthu cholipira, kaya chipinda, njinga kapena mipando, ndipo amadziwa kuti umalipira pa nthawi yomwe chinthucho chili kwa iwe. Tinawauza kuti chiwongoladzanja ndi lendi ya ndalama za eni ake.

Kenaka tinagawa 100,000 ija m'mabokosi khumi, lililonse la 10,000. Tinachita izi dala. Manambala a maziro ambiri amasokoneza maso, ndipo 100,000 ndi 10,000 zimaoneka zofanana kwa munthu wokhala kumbuyo kwa holo. Koma zinthu khumi aliyense amaziwerenga ndi zala. Pasilaidi tinajambula mabokosi khumi ofanana pamzere umodzi, ndipo patebulo tinaikanso mabokosi enieni khumi a machesi.

Kwa wobwereketsa wachiwiri, lendi ya bokosi limodzi ndi 400 pamwezi. Mwezi woyamba mabokosi onse khumi ali kwa ife, choncho lendi ndi 4,000, ndipo timabwezanso bokosi limodzi la 10,000. Zonse pamodzi 14,000. Mwezi wachiwiri tatsala ndi mabokosi asanu ndi anayi, lendi yatsika kufika 3,600. Zimapitirira choncho, mwezi uliwonse lendi kutsika ndi 400, mpaka mwezi wa 10 pomwe tatsala ndi bokosi limodzi: lendi 400, malipiro 10,400. Lendi yonse ya miyezi khumi ndi 22,000, ndiye tibweza 122,000.

Kwa woyamba uja, lendi ya bokosi ndi 300 yokha. Koma iye amatilipiritsa lendi ya mabokosi onse khumi mwezi uliwonse, ngakhale omwe tinamubwezera kale. Mwezi uliwonse 3,000 ya lendi ndi 10,000 ya bokosi, kupanga 13,000, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Lendi yonse ndi 30,000, tibweza 130,000.

Msungichuma ankachotsa bokosi limodzi patebulo n'kulipereka kwa wapampando, yemwe ankayerekeza kukhala wobwereketsa. Atapereka lachisanu ndi chinayi, patebulo patatsala limodzi, anafunsa kuti lendi ya mwezi uno ndi zingati kwa woyamba uja. Wina anati 300. Msungichuma anati ayi, 3,000. Mayi wachikulire uja anadzuka n'kunena kuti, "A msungichuma, ndiye tikulipira lendi ya chipinda chomwe tinasamukamo kale?" Holo yonse inaseka, ndipo kuyambira pamenepo panalibenso wofunika kumufotokozera.

Kwa inu okonza masilaidi, n'kofunika kudziwa kuti 3 peresenti ya fulati pa miyezi khumi imeneyi ikufanana ndi pafupifupi 5 peresenti pamwezi yowerengera pa ngongole yotsala. Koma nambala imeneyo sitinaiike pasilaidi. Ikanangobweretsa peresenti yachitatu m'chipinda momwe ziwiri zinali zitasokoneza kale.

Chinthu china chomwe sitinabise n'chakuti wachiwiriyo ndi wolemera poyamba. Miyezi itatu yoyambirira timalipira 14,000, 13,600 ndi 13,200, zonse kuposa 13,000 ya woyamba. Kuyambira mwezi wachinayi, pa 12,800, ndi pomwe amayamba kupepuka. Kwa gulu lomwe makina ake sanayambe kubweretsa ndalama, miyezi itatu imeneyo si nkhani yaing'ono. Kufewetsa nkhani kumakhala ndi msampha umenewu: umayamba kuchotsa zovuta, n'kumaliza utachotsa zotsutsana ndi maganizo ako. Mfundoyi tinaipatsa silaidi yakeyake.

Chitsanzo chikayamba kunama

Chitsanzo chilichonse chili ndi malire, ndipo anthu amachikhulupirira kupitirira malirewo ngati simunawaonetse. Pa nkhani ya lendi, malire ake ali pa kuchedwa kulipira. Munthu akachedwa ndi lendi ya nyumba, kawirikawiri ngongoleyo imangokhala momwemo. Koma pa ngongole zambiri lendi yosalipidwa imaphatikizidwa ku ngongole n'kuyamba kubala lendi yakenso, ndipo pamabweranso chindapusa. Ngati mgwirizano wanu ukutero, nenani poyera kuti apa chitsanzo chathu chalekera, ndipo onetsani ndi nambala imodzi. Tikaphonya 14,000 ya mwezi woyamba, nayonso iyamba kulipiridwa lendi ya 4 pa 100 iliyonse, yomwe ndi 560 pamwezi.

Malire ena ali pa ndalama zodulidwa poyamba. Obwereketsa ambiri amadula kena kake ka fomu kapena ka inshulansi asanakupatseni. Akadula 2 pa 100 iliyonse, m'manja mufika 98,000, koma lendi mudzalipira ya mabokosi khumi athunthu. Funso loyamba lija, loti tilandira zingati m'manja, limayankhidwa ndi nambala imeneyi, osati yomwe yalembedwa pamwamba pa fomu.

Njira yoyesera chitsanzo ndi yosavuta. Dzifunseni kuti munthu yemwe wachikhulupirira ndi mtima wonse angachite chiyani cholakwika. Ndinaphunzira izi movutika ndi chitsanzo cha ndowa, chomwe ophunzitsa ambiri amachikonda: madzi olowa ndi ndalama zolowa, madzi otuluka pachibowo ndi zotuluka, otsala m'ndowa ndi ndalama zomwe tili nazo. Pofotokoza ndalama za m'bokosi la msungichuma, ndowa ilibe vuto. Koma ine ndinaigwiritsa ntchito pofotokoza phindu, ndipo zinandibwerera.

Gulu lomwelo linasoka ndi kugulitsa zovala za 500,000 m'miyezi itatu, litaononga 400,000 pa nsalu, ulusi ndi malipiro. Phindu 100,000. Koma zovala za 150,000 zinatengedwa pa ngongole, ndiye ndalama zomwe zinalowadi zinali 350,000. Bokosi linachepa ndi 50,000 m'miyezi yomweyo yomwe tinkati tapindula. Anthu omwe ndinawaphunzitsa kuti phindu ndi madzi otsala m'ndowa anapita kwa msungichuma kukafuna gawo lawo la 100,000, ndipo atauzidwa kuti kulibe, ena anayamba kunong'onezana kuti wadya. Munthu wosalakwa anatsala pang'ono kunyozeka chifukwa cha ndowa yanga.

Tinakonza pogawa nkhaniyo m'masilaidi awiri osiyana. Ina imafunsa kuti "M'bokosi muli zingati lero?", ndipo ndowa imakhala pamenepo pokha. Inayo imafunsa kuti "Zathu zonse ndi zingati?", ndipo ili ndi milu iwiri: zomwe zili m'manja ndi zomwe zili kwa anthu. Chitsanzo chake ndi njinga yomwe wabwereketsa mnzako. Ndi yako ndithu, koma lero sungaikwere, ndipo mwina ibwera mochedwa, mwinanso osabwera.

Zithunzi ndi magilafu

Gilafu si chithunzi chomwe aliyense amangochimva. Kuwerenga mizere iwiri ya m'mbali ndi luso lomwe munthu amaphunzira kusukulu, ndipo amene sanaliphunzire amangoona mzere wokwera kapena wotsika. Choopsa kwambiri ndi gilafu yomwe siyambira pa ziro. Pulogalamu ya pakompyuta ikhoza kusankha yokha poyambira, ndiye 122,000 ndi 130,000 zikajambulidwa kuyambira pa 118,000, chipilala china chimatalika katatu kuposa chinzake. Wosadziwa amaganiza kuti ngongole inayo ndi yodula katatu. Yang'anani nambala ya pansi penipeni pa gilafu iliyonse musanaionetse.

Njira ya mabokosi ija si yatsopano. M'zaka za m'ma 1920 ku Vienna, Otto Neurath ndi anzake anakonza njira yoonetsera ziwerengero kwa anthu wamba, yomwe pambuyo pake inatchedwa Isotype. Lamulo lawo lalikulu linali loti chinthu chikachuluka, jambulani tizithunzi tambiri tofanana, osati chithunzi chimodzi chachikulu. Chifukwa chake n'chakuti mukajambula thumba la ndalama lotalika kawiri, limakulanso m'lifupi kawiri, ndipo diso limaona ngati lakula kanayi. Tizithunzi tofanana timawerengeka ndi chala. Chofunika n'chakuti bokosi limodzi liziimira ndalama yomweyo pa masilaidi onse. Likakhala 10,000 apa, 50,000 apo, mwawasocheretsanso.

Musadalire mtundu wokha, monga kufiira ndi kubiriwira, posiyanitsa zabwino ndi zoipa. Anthu ena, makamaka amuna, sasiyanitsa mitundu iwiriyi, komanso pulojekitala ya masana imazimiritsa mitundu yonse. Ikani dzina kapena chizindikiro pambali. Ndipo musanapite kumsonkhano, imani patali ndi sikilini monga momwe angakhalire wa kumbuyo. Nambala yomwe simukuiona bwino, iye saiona n'komwe.

Kufupikitsa manambala

Pofotokoza mmene chaka chayendera, 487,350 ikhoza kunenedwa kuti "pafupifupi 490,000" popanda kulakwira munthu. Koma ndalama yomwe munthu adzalipire kapena kulandira musaifupikitse. Mukalemba 13,000 pomwe adzafunsidwa 13,200, adzafika ndi ndalama zoperewera, ndipo tsiku limenelo adzasiya kukhulupirira masilaidi anu onse. Komanso sankhani kanenedwe kamodzi. Mukayamba ndi "4 pa 100 iliyonse", musasinthe pakati n'kumati "1 pa 25 iliyonse". N'zofanana, koma womvera amaganiza kuti mwabweretsa nambala yatsopano.

Anthu akakhumudwa m'malo mosokonezeka

Vuto lina limabwera mukapitirira muyezo. Chizindikiro chake n'chosiyana ndi bata lija: anthu amayamba kuyankhula zawo, akuluakulu amapinda manja, wina amatuluka. Zimachitika masilaidi akadzaza ndi tizithunzi toseketsa ta ana, kapena wolankhula akayamba kubwereza mawu pang'onopang'ono ngati ali m'kalasi ya ana aang'ono. Anthu amenewa amasunga mabanja, amagula ndi kugulitsa, amawerengera chenji m'mutu mofulumira kuposa ambiri a ife ogwira makompyuta. Chomwe alibe ndi chizolowezi cha matebulo ndi mawu a m'mabuku. Zitsanzo zanu zichokere m'moyo wa munthu wamkulu: lendi, kubwereketsana zinthu, kutha kwa chida cha ntchito. Njira yabwino yozipezera ndi kumvetsera mmene iwo eni amanenera. Chipinda chomwe tinasamukamo kale chija sichinachokere kwa ine, koma ndi chomwe chinalowa pasilaidi.

Pa chifukwa chomwecho, musawabisire mawu enieni. Tsiku losayina, pafomu sipadzalembedwa za mabokosi. Chitsanzo chikamveka, onetsani chithunzi cha fomu yeniyeni, zungulizani mawu omwe akunena ngati chiwongoladzanja ndi cha fulati kapena chotsika, ndipo nenani kuti awa ndi omwe aja a lendi ya mabokosi onse. Chitsanzo chiyambe, liwu lovuta libwere pambuyo, kamodzi kokha. Tinawapatsanso funso loti azifunsa wobwereketsa aliyense: "Ndikabweza theka, chiwongoladzanja chitsika kapena chikhala chomwecho?"

Kudziwa ngati zakonzeka

Yesani masilaidi atsopanowo pa anthu atatu msonkhano usanafike, ndipo pakati pawo pakhale mmodzi wosatha kuwerenga. Musasankhe a m'komiti, iwo nkhaniyo akuidziwa kale. Afunseni funso lomwe yankho lake silili pasilaidi, kuti muone ngati atola njira yake kapena angoloweza nambala. Ife tinkafunsa kuti, "Tabweza mabokosi anayi kwa wachiwiri uja. Lendi ya mwezi wotsatira ndi zingati?" Woyankha 2,400 wamva, chifukwa wawerenga mabokosi asanu ndi limodzi otsala n'kuchulukitsa ndi 400. Woyankha 1,600 wawerenga obwezedwa m'malo mwa otsala, ndipo zimenezo zinatiuza kuti chithunzi chathu chinali ndi vuto: mabokosi obwezedwa tinkawapaka mtundu wakuda, ndiye ankaoneka kwambiri kuposa otsala. Tinawachotseratu pasilaidi, n'kusiya malo ake opanda kanthu.

Funsolo lifunsidwe mosonyeza kuti woyesedwa ndi inu. Ine ndimati, "Bambo, ndikufuna ndione ngati ndafotokoza bwino, ndithandizeni." Pamsonkhano waukulu musaloze munthu mmodzi, auzeni akambirane awiriawiri kaye, kenaka gulu lililonse linene yankho lake.

Atavotanso, gulu lija linasankha wachiwiri, koma osati onse. Anthu anayi anavotera woyamba, ndipo mmodzi wa iwo anafotokoza kuti akudziwa kuti ndi wodula ndi 8,000, koma akuopa miyezi itatu yoyamba ija pomwe makina adzakhale asanayambe kubweza kanthu, komanso amakonda nambala imodzi yosasintha yomwe sangaiiwale. Wapampando anapempha msungichuma kuti aone ngati m'bokosi muli zokwanira kulipira 14,000 mwezi woyamba popanda kudikira makinawo, ndipo msungichuma anatsegula buku lake pomwepo n'kuwerenga nambala yake mokweza.